Otsatira 8,400 koma zikwama 10 pamwezi: ndiziwerenga chiyani?

"Ndimasoka zikwama za m'manja ndi zoberekera kumsana, ndipo ndimazitsatsa pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulimbikira kuchulukitsa onditsatira. Pano afika 8,400 ndipo ndinadziikira kuti chaka chino chisathe asanakwane 10,000. Koma malonda sakusuntha. Mwezi wina ndigulitsa zikwama 9, wina 12, chimodzimodzi ndi nthawi imene otsatira anali 3,000. Ndikulakwitsa pati? Nanga ndidziikire cholinga chotani?" Akufunsa choncho mayi wina wosoka zikwama.

Mayi, mtima m'malo. Munthu amene katundu wake amatuluka mwezi ndi mwezi osadumphitsa ali ndi chinthu chimene anthu akuchifuna, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amalephera. Chasokonekera ndi muyeso. Mwakhala mukuyeza chinthu chimene chimakula pachokha popanda kukhudzana ndi thumba lanu.

Kutsatira peji ndi kudina kamodzi, ndipo amene wadinayo salipira kanthu. Ena anakutsatirani chifukwa chithunzi chinawasangalatsa tsiku limenelo, ena ndi anzanu osoka amene akuonera masitayelo, ena ali kutali kumene chikwama chanu sichingafike. Komanso wotsatira saona zonse zimene mwaika. Facebook ndi Instagram zimasankha zoti zimuonetse munthu aliyense, ndipo kuyambira Januwale 2018 eni ake a Facebook ananena poyera kuti aziika patsogolo zolemba za abale ndi anzake a munthu kusiyana ndi za mapeji a bizinesi. Ndiye pa anthu 8,400 aja, amene amaona positi yanu ndi kagulu chabe, ndipo pa kagulu kameneko amene akufuna chikwama mwezi uno ndi ochepa kwambiri. Nambala ziwiri zimene zimayandikana ndi ndalama ndi izi: anthu angati afunsa, ndi anthu angati agula.

Cholinga chiyambire kumapeto, pa zikwama zimene muyenera kugulitsa. Tengani mtengo wa chikwama chimodzi, muchotsepo zonse zimene zalowa pa chikwamacho: nsalu kapena chikopa, zipi, ulusi, zingwe, pepala lokulungira, ndalama imene amakudulani polandira malipiro, ndi yotumizira ngati mumalipira ndinu. Chotsalacho ndiye phindu la chikwama chimodzi. Kenako phatikizani zimene mumalipira mwezi uliwonse, kaya mwagulitsa kaya ayi, monga lendi, magetsi, intaneti ndi kukonzetsa makina, muwonjezerepo malipiro anu. Ambiri amaiwala kudziwerengera malipiro, n'chifukwa chake bizinesi imaoneka ngati ikuyenda pamene mwini wake akugwira ulele. Gawani ndalama yonseyo ndi phindu la chikwama chimodzi. Tiyerekeze kuti yankho latuluka 24. Cholinga chanu chenicheni ndi chimenecho, zikwama 24 pamwezi, ndipo panopa muli pa 10.

Musanapitirire, dzifunseni ngati manja anu angakwanitse. Ngati mumasoka chikwama chimodzi patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndiye kuti mwezi umakupatsani zikwama pafupifupi 26, osawerengera nthawi yokaoda zipangizo, yojambula zithunzi ndi yoyankha mauthenga. Pamenepo 24 yathina kale. Cholinga choposa zimene mungasoke chimabala maoda ochedwa ndi makasitomala okwiya, ndipo zikatero nkhani sikhalanso ya kutsatsa. Imakhala ya kukweza mtengo kapena kupeza wothandiza.

Tsopano ntchito yotopetsa, koma ndi imene idzakuuzeni zoona. Khalani pansi madzulo amodzi kapena awiri, mutsegule mauthenga onse a miyezi itatu yapitayi, pa WhatsApp, pa Messenger ndi pa Instagram, muwerenge anthu amene anafunsa. Apa muyenera kugwirizana nokha kuti wofunsa ndi ndani, ndipo musadzasinthe tanthauzolo pakati pa njira. Wofunsa ndi munthu mmodzi amene watchula katundu n'kufunsa chinthu chimene wogula amafunsa: mtengo, kukula, mtundu, ngati chilipo, kapena mmene chingamufikire. Amene walemba "zokongola bwanji" pa ndemanga si wofunsa. Amene wangoti "moni" n'kusowa si wofunsa. Amene watumiza mauthenga khumi ndi munthu mmodzi, ndipo amene wafunsa pa Instagram n'kudzamalizira pa WhatsApp ndi mmodzi yemweyo. Wogula naye akhale ndi tanthauzo limodzi, amene ndalama yake yalowa, kaya yonse kaya dipoziti. "Ndisungireni, ndibwera kumapeto a mwezi" sikugula.

Lembani aliyense pa mzere wake, mu kope wamba kapena pa Google Sheets. Mizati isanu ikukwana:

```
Tsiku | Dzina | Wachokera kuti | Wafunsa chiyani | Zathera pati
```

Tiyerekeze kuti mwawerenga n'kupeza ofunsa 38, 45 ndi 37 pa miyezi itatuyo, onse pamodzi 120, ndipo ogula 9, 12 ndi 9, onse pamodzi 30. Ndiye kuti pa anthu anayi alionse ofunsa, mmodzi amagula. Nambala imeneyi ndi yanu, si ya m'buku, ndipo musaiyerekeze ndi ya wogulitsa zinthu zina. Ikukuuzani kuti zinthu zikakhala mmene zilili, kuti mugulitse 24 mukufunika ofunsa 96 pamwezi, pamene panopa mumalandira pafupifupi 40. Kuchoka pa 40 kufika pa 96 ndi phiri. Koma njira si imodzi yokha. Ngati mutafika poti pa atatu alionse mmodzi azigula, ofunsa 72 akwana. Ndipo kukonza zimenezi kawirikawiri n'kotchipa kusiyana ndi kusaka anthu atsopano, chifukwa anthuwo afika kale pakhomo.

N'chifukwa chake mzati womalizawo, wa "zathera pati", ndi woyenera kuuyang'anitsitsa kuposa ina yonse. Pa anthu 90 amene sanagule, musangolemba kuti "sanagule". Lembani pamene nkhani inadukira. Mwachitsanzo mungapeze kuti 34 anamva mtengo n'kungoti zii, 22 munawayankha patapita tsiku kapena kuposerapo, 15 ankafuna mtundu kapena saizi imene munalibe, 11 ali kutali ndipo yotumizira inawakulira, ndipo 8 munagwirizana nawo zonse koma dipoziti sinabwere.

Yambani ndi 22 aja, chifukwa amenewo anatayika m'manja mwanu. Munthu wofuna chikwama kawirikawiri amafunsa ogulitsa awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo amene wayankha koyamba ndi mtengo ndi chithunzi chomveka ndi amene amatenga oda. Simungasiye makina nthawi iliyonse foni ikalira, ndi zoona. Dziikireni nthawi zitatu patsiku zoyankha, m'mawa, masana ndi madzulo, kuti usana wonse pasakhale wodikira maola opitirira anayi kapena asanu. Ngati mumagwiritsa ntchito WhatsApp Business, muli "Quick replies" mmene mungasungire mayankho amene mumalemba tsiku ndi tsiku, monga mitengo, masaizi ndi njira zolipirira, ndipo mumawaitana pongolemba chizindikiro cha / pamalo olembera uthenga. Mulinso "Away message" wouza munthu nthawi imene mumuyankhe. Yankho loyamba lisakhale mtengo wokha. Ikani mtengo, chithunzi cha chikwama chimene wafunsacho, masiku amene chimatenga kusoka, ndipo mutsirize ndi funso: "Mukuchifuna chamtundu wanji, ndipo mukuchifuna pofika liti?" Mtengo wokha umatseka nkhani. Funso limapatsa munthu choyankha.

Kenako 8 aja amene anavomera koma osalipira. Ambiri mwa otere sanasinthe maganizo, anangotanganidwa, ndipo wogulitsa amachita manyazi kuwakumbutsa. Uthenga umodzi patapita masiku awiri ndi wokwanira: "Pepani kukusokonezani. Nsalu ya chikwama chanu ndaisunga mpaka Lachisanu. Dipoziti ikalowa ndiyamba kusoka tsiku lomwelo." Mukakumbutsa kawiri osayankhidwa, siyani, lembani kuti watayika. Kukakamira kopitirira apo kumachititsa munthu kukutsekani.

Tiwerengere. Pa 22 aja, akanayankhidwa msanga ndipo mmodzi pa anayi n'kugula monga ena onse, akanakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi. Pa 8 aja, theka litalipira ndi anayi. Amenewo ndi ogula pafupifupi 10 owonjezera pa miyezi itatu, kuchoka pa 30 kufika pa 40, mwa ofunsa 120 omwe aja. Mwafika pa mmodzi mwa atatu popanda wotsatira watsopano ngakhale mmodzi.

Gulu la 34 amene anathawa mtengo ndi lovutirapo, ndipo pano ndi pamene anthu amadzinamiza. Ogulitsa ambiri amabisa mtengo n'kulemba kuti wofuna kudziwa atumize uthenga. Izi zimachulukitsa ofunsa, nambala n'kumaoneka bwino m'kope, koma ambiri mwa iwo amangofuna kudziwa mtengo basi, ndipo inu mumathera nthawi kuyankha anthu amene sakanagula. Mukayamba kulemba mtengo pa chithunzi, yembekezerani kuti ofunsa atsika. Musaope. Ngati ofunsa atsika kuchoka pa 40 kufika pa 32 koma ogula akhalabe 10 kapena akwera, mwapindula nthawi yosokera. Ichi ndi chifukwa chake nambala ya ofunsa siyenera kuyenda yokha. Ikayenda yokha imasanduka ngati nambala ya otsatira ija, yokoma m'maso koma yosalipira lendi. Nthawi zonse iwerengedwe pamodzi ndi ya ogula.

Nambala ya ogula nayonso ingathe kukunamizani mukaifikira potsitsa mtengo. Ngati phindu lanu ndi magawo 30 pa 100 alionse a mtengo, ndiye mwatsitsa mtengo ndi magawo 10, phindu latsala magawo 20. Mwataya gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu pa chikwama chilichonse, ndipo 24 ija yasanduka 36, nambala imene manja anu sangaisoke pamwezi. Choncho polemba cholinga, lembani kuti zikwama zakutizakuti pa mtengo wake wonse. Zotsitsidwa mtengo ziwerengedwe padera.

Mzati wa "wachokera kuti" ndi umene udzayankhe funso lanu la otsatira. Kwa miyezi yapitayi muyesa kukumbukira, koma kuyambira lero mufunseni aliyense mwachidule kuti "Mwationa kuti?" Njira ina ndi kuika linki yosiyana pa malo alionse amene mumatsatsira, yokhala ndi mawu olembedwa kale, kuti uthenga ukafika muzidziwiratu kumene wachokera:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Ndaona%20chikwama%20pa%20Instagram
```

Pamene palembedwa NAMBALA ikani nambala yanu yonse kuyambira ndi nambala ya dziko, popanda chizindikiro cha + ndi 0 woyamba, ndipo %20 ndi mpata pakati pa mawu.

Zimene zimatuluka mu mzati umenewu zimadabwitsa. Pa chitsanzo chathu, tinene kuti ofunsa 52 anachokera pa Status ya WhatsApp ndipo 13 anagula, 31 anachokera pa peji ya Facebook ndipo anagula 5, 21 anauzidwa ndi anzawo ndipo anagula 10, pomwe 16 a pa Instagram anagula awiri okha. Taonani pamene pali ndalama. Status imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasungirana manambala, mwina mazana awiri kapena atatu, koma ndi anthu amene munalankhulana nawo kale. Ouzidwa ndi anzawo amabwera atachigwira kale chikwama chanu m'manja, aona msoko wake ndi mmene zipi ikuyendera, n'chifukwa chake pafupifupi theka la iwo amagula. Mapeji a Facebook ndi Instagram, amene ali ndi otsatira masauzande komanso munawathera mphamvu zambiri, apereka ogula 7 pa 30. Zanu zikhoza kutuluka mosiyana, ndipo zikatero tsatirani zanuzo. Koma zikafanana ndi izi, ntchito ya mwezi wamawa yadziwika: wofunsa aliyense musunge nambala yake ndi kumupempha kuti asunge yanu, ndipo wogula aliyense, patapita sabata atalandira chikwama, mumufunse ngati chikumukomera ndi kumupempha kuti akutchuleni kwa anzake.

Tsopano mungathe kulemba cholinga. Musadumphe kuchoka pa 10 kufika pa 24 mwezi umodzi, chifukwa mudzalephera, mudzagwa mphwayi n'kubwerera kukawerenga malaiki. Gawani pa miyezi itatu. Mwezi woyamba ofunsa 48 ndi ogula 14. Wachiwiri ofunsa 57 ndi ogula 18. Wachitatu ofunsa 66 ndi ogula 22. Mukafika pamenepo 24 ili pafupi. Ofunsa 48 pamwezi ndi 12 pasabata, ndipo nambala ya sabata ndi imene muziiyang'ana, chifukwa mukadikira mwezi kutha mudziwa mochedwa kuti zinthu sizikuyenda. Sankhani tsiku limodzi pasabata, mphindi 15 zokha, muwerenge afunsa angati, agula angati, ndi angati akudikira kukumbutsidwa. Pa WhatsApp Business mungaike chizindikiro pa munthu aliyense, pamene palembedwa "Labels" kapena "Lists" malinga ndi foni yanu, monga wafunsa, akudikira dipoziti, walipira, kuti kuwerenga kusachedwe.

Dziwaninso kuti kugula kwa munthu sikuli m'manja mwanu. Chimene chili m'manja mwanu ndi ntchito imene imabweretsa ofunsa. Ndiye pansi pa cholinga cha mwezi lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene muzichita sabata iliyonse zivute zitani, monga kuika chikwama chimodzi ndi mtengo wake pa Status masiku asanu, kuyankha aliyense tsiku lomwelo, ndi kulembera ogula akale asanu. Sabata ikatha ofunsa ali 7 m'malo mwa 12, yambani mwaona ngati zinthu zimenezi zinachitikadi. Ngati sizinachitike, palibe chodabwitsa. Ngati zinachitika masabata anayi otsatizana ofunsa osakwera, ndiye kuti njirayo ndi imene ili ndi vuto, isintheni.

Chenjezo pa manambala aang'ono ngati anuwa. Kusiyana kwa zikwama 9 ndi 12 kungabwere chifukwa cha munthu mmodzi amene anagulira ana ake atatu. Mwezi umodzi wabwino kapena woipa sukuuzani zambiri, choncho gamulani potengera miyezi itatu pamodzi. Malonda a zikwama amakhalanso ndi nyengo zake, monga potsegulira sukulu, ndiye mwezi wotere uyerekezedwe ndi mwezi womwewo chaka chatha, osati ndi mwezi wathawu. Ndipo musasinthe zinthu zisanu nthawi imodzi. Mukayamba kulemba mitengo, kusintha zithunzi ndi kulipira zotsatsa sabata imodzi, zikayenda simudziwa chimene chathandiza, zikavuta simudziwa chochotsa.

Za kulipira zotsatsa, dikirani kaye mpaka mabowo a kuyankha mochedwa ndi kusakumbutsa atsekedwe, apo ayi mukhala mukulipira kuti anthu abwere kudzatayikira pamalo omwe aja. Mukakonzeka, manambala anu akupatsani malire. Ngati mmodzi pa anayi amagula, wofunsa mmodzi sayenera kukudyerani ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu la chikwama. Koma anthu obwera ndi zotsatsa zolipira sakudziwani, ndiye kawirikawiri amagula mochepera, choncho poyamba werengerani mochepetsa, ngati mmodzi pa 8. Pokonza zotsatsazo sankhani kuti anthu akutumizireni uthenga, osati kuti atsatire peji, chifukwa makina a Facebook amasaka anthu amene amakonda kuchita chimene mwapemphacho. Mukapempha malaiki akupezerani okonda kudina malaiki. Nambala imene Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera zotsatsa, imaonetsa pa "Messaging conversations started" musaitenge ngati ofunsa, chifukwa muli ndi amene anangodina funso lolembedwa kale n'kuchoka. Werengani ndi tanthauzo lanu lija. Ngati mwalipira ndalama yofanana ndi phindu la zikwama zitatu n'kugulitsa zisanu, mwatsala ndi phindu la ziwiri, pitirizani. Ngati mwagulitsa ziwiri, mwaluza, ngakhale peji itapeza otsatira 500 sabata imeneyo.

Otsatira 8,400 aja musawataye, ali ndi ntchito yawo. Mlendo akafika pa peji n'kuona kuti pali anthu, zithunzi zatsopano ndi ndemanga za ogula, amakhulupirira kuti bizinesi ndi yeniyeni. Koma chikhulupiriro chimenecho munachipeza kale, ndipo 10,000 siwonjezerapo kanthu. Chimene muyenera kupewa ndi kugula otsatira, kapena mipikisano ya "tsatirani peji muwine chikwama". Ogulidwa ambiri ndi maakaunti abodza amene eni ake a Facebook ndi Instagram amawafufuta ndipo malamulo awo amaletsa, pomwe a mpikisano amabwerera mphatso yokha. Onsewa amadzaza peji ndi anthu osayankha zimene mumaika.

Pali nthawi zofunika munthu wina akuthandizeni. Ngati phindu la chikwama chimodzi likukuvutani kuwerengera, kapena mukugulitsa zambiri koma ndalama yoodera zipangizo ikusowabe, khalani pansi ndi wodziwa zowerengera ndalama musanaike cholinga chilichonse, chifukwa 24 yolakwika isokoneza zonse zotsatira. Ngati patatha miyezi itatu mukuyankha msanga ndi kukumbutsa koma ogula atsikira kwa mmodzi pa 10, vuto lili pa katundu kapena mtengo, ndipo oyamba kuwafunsa ndi anthu khumi amene sanagule, muwafunse mwaulemu chimene chinawabweza. Ndipo mukaganiza zolemba munthu woti azikuyendetserani mapeji kapena zotsatsa, muonetseni kope lanu tsiku loyamba, mugwirizane kuti lipoti lake la mwezi likhala ndi ofunsa, ogula ndi ndalama imene yathera pa wogula mmodzi. Peji ndi akaunti yotsatsira zikhale m'dzina lanu, iyeyo mungomupatsa chilolezo chogwirirapo ntchito chimene mungathe kuchichotsa tsiku lililonse. Akayamba n'kukulonjezani otsatira 5,000 pa mwezi umodzi, mufunseni kuti pa amenewo angati adzalipire dipoziti.